Pomwe Analemba Kuti Namwino Akhale Chete

Mawu aja anadutsa pakhoma usiku anthu onse atagona. Make Kabwana anali maso, monga mwa masiku onse, dzanja lili pachifuwa cha mwana kumvetsera kupuma kwake. Poyamba anayesa ndi wailesi ya nyumba yoyandikana nayo. Kenako anazindikira kuti ndi mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, amene amagona m'kachipinda kosokeramo. Koma amayankhula ndi yani? Mawu anali a anthu awiri, chonsecho pakamwa panali pamodzi. Ena anali olimba, aulemu: "Mankhwalawa muzimupatsa katatu pa tsiku." Ena anali aang'ono, odandaula ngati a mphaka wotsekeredwa panja: "Mayo ine, anamwino, nanga akasanza?"

Make Kabwana anadzuka n'kukhala tsonga. Funso limenelo linali lake. Anali asanalifunsepo munthu aliyense.

Kutacha, akuchapa matewera pampopi, anamufunsa mlamuyo ngati anayamba kulota mokweza. Mtsikanayo anaseka mpaka kulavula thovu la mankhwala otsukira mano.

"Ndi sewero, alamu. Atipatsa kusukulu. Wina amakhala namwino, wina mayi wamantha woti mwana wake wapatsidwa mankhwala. Lachiwiri ndili ndi mayeso, aphunzitsi adzakhala pambali n'cholembera. Ndakusokonezani tulo?"

"Ayi. Ndinali maso kale."

Make Kabwana sanali munthu wa mawu ambiri. Anabadwa womaliza m'nyumba ya anthu olongolola, ndipo anakula akudikira mpata woyankhula umene sunkabwera, mpaka anazolowera kungoyang'ana. Sukulu anasiyira Folomu 3, chaka chomwe mayi ake anadwala miyendo n'kusowa wowatungira madzi. Azakhali ake ndiwo anamuphunzitsa makina osokera, ndipo maso ake anapeza ntchito. Munthu akamalowa pakhomo, iye anali atawona kale kuti phewa lamanja n'lotsika, kuti diresi ija anabwereka, kuti bambo uja akuti thalauza lafupika pamene ndi mimba yomwe yakula. Anthu ankamukonda chifukwa sankanena zomwe wawona. Anakwatiwa ndi mnyamata wowotcha buledi usiku, munthu wanthabwala wobwera m'mamawa akununkha yisiti, ndipo anapeza nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ndi kena kakang'ono. M'kachipindako munali makina, dengu la zigamba, ndi matiresi a mlamu uja, yemwe anabwera kudzakhala nawo atayamba sukulu ya unamwino. Mchimwene wake ankamutcha a Nesi, tsiku loyamba lomwe asanagwirepo n'chigamba cha bala chomwe.

Mwana anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi. Dzina la Kabwana anamupatsa ndi bambo ake, chifukwa ankayenda atapinda manja kumbuyo ngati akuyendera antchito.

Tsiku lomwe anayamba kugwa, mayi ake ankapinda m'munsi mwa siketi ya sukulu. Anamva kapu ikugubuduka, atacheuka anapeza mwana ali gwa pamkeka, maso atatembenuka, manja akukoka okha. Thupi silinali lotentha. Zinachitikanso kawiri mwezi womwewo. Anawagoneka m'chipatala, anayeza magazi, anafunsa mafunso ambirimbiri, ndipo pomaliza adokotala ananena mawu omwe iye ankawaopa: khunyu. Anati si matenda opatsirana, anati ana ambiri amakula bwinobwino, amaphunzira, bola amwe mankhwala mosadumphitsa, m'mawa ndi madzulo, kwa nthawi yaitali.

Mankhwalawo anakatengera pawindo. Kumbuyo kwake kunali mzere wofika pakhonde, wina akutsokomola m'khosi mwake, Kabwana akulira kumsana. Bambo wa pawindo sanali woipa mtima. Anatenga sirinji yopanda singano, n'kujambula ndi cholembera pamzere wa faifi, n'kuyankhula kudzera pa kabowo ka galasi.

"Mpaka apa m'mawa, mpaka apa madzulo. Osadumphitsa, osasiya. Mwamva?"

"Eya."

Ndipo anamvadi. Sanali mbuli, ankawerenga bwinobwino zolembedwa pabotolo. Kungoti mafunso anadzabwera ali m'basi, chipatala chili kumbuyo.

Kugwa kuja kunaleka. Koma Kabwana uja wa manja kumbuyo naye analeka. Akangomwa mankhwala a m'mawa, dzuwa lisanakwere n'komwe, ankamupeza atagona chafufumimba pamkeka, galimoto yake ya pulasitiki ili m'manja. Akadzuka ankayenda dzandidzandi ngati munthu wochokera kumowa. Kuseka kunachepa. Mayi wina wobwera kudzasoketsa makatani anamuyang'ana mwanayo n'kupukusa mutu.

"Amenewo ndiwo aja amapusitsa ana. Wa achemwali anga anangotsala thupi lokha."

Anangonena choncho, n'kuyamba kukamba za mtundu wa ulusi. Koma mawuwo anatsala m'nyumba.

M'mawa mwake make Kabwana anakoka mankhwala, atafika pakati chala chake chinaima. Sanaganize nthawi yaitali. Anati a madzulo azimupatsa onse, poti usiku ndi wogona kale, koma a m'mawa azimupatsa theka, mwana awoneko dzuwa. Ndipo zinawoneka ngati zatheka. Kabwana anayambanso kukwera pamipando, kubisa masizasi, kuitana nkhuku za eni ake. Bambo ake anati, "Mwawona, thupi lazolowera." Iye anangovomera ndi mutu.

Kuyambira tsiku limenelo tulo tinamuthawa. Ankadziwa kuti mzere uja bambo wa pawindo sanaujambule mwamasewera. Mwana akatembenuka usiku, mtima unkati phwii. Akaduka mawu pakati pa masewera, iye ankaponda makina molakwika n'kuthyola singano. Kubwerera pamzere wa faifi ankaopa, poti zinali ngati kumuzimitsa mwana ndi dzanja lake lomwe. Kukhala pa theka ankaopanso, poti akadzagwa, wolakwa adzakhala ndani? Tsiku lobwerera kuchipatala linali patali. Ndipo kupita lisanakwane n'kukanena chiyani? Nthawi yomwe anagonekedwa anawonapo namwino wina akukalipira mayi amene anasiyitsa mwana mankhwala, pamaso pa anthu onse a pabenchi, mayiyo akungopotokola nsonga ya nsalu yake. Make Kabwana anawona chilichonse: khutu la mayiyo likunjenjemera, anthu akuyang'ana pansi. Anasankha kukhala chete, ndipo chete ameneyo ankamudya.

Lamulungu masana mlamu uja anatulukira pabalaza atanyamula mapepala, nkhope ili yokwinya. Mnzake woyeserera naye anali atapita kumudzi.

"Achimwene, bwerani mukhale mayi."

Bambo a Kabwana anali atangodzuka kumene, akumwa tiyi ndi kabudula yekha. Anavomera msanga, ndipo kuvomera msangako kunali koyenera kumuchenjeza mtsikanayo. Anamanga thawulo kumutu, n'kubereka pilo kumsana.

"Takulandirani, mayi. Ine ndine namwino wophunzira, ndipo..."

"Wophunzira? Mayooo! Ndiitanireni weniweni! Mwana wanga si bolodi!"

"Achimwene, werengani zomwe zalembedwa."

"Analemba kuti ndili ndi mantha. Ndiye ndi amenewa. A Nesi, ndifa kodi? Ndikafa njinga yanga musapatse mlamu wanga wamkulu, ndi wosasamala."

"Wodwala ndi mwana, si inu!"

"Nayenso akufunsa za njinga."

Mtsikanayo anamulanda pepala n'kumumenya nalo pamutu. Make Kabwana, yemwe ankamatula zipi pakhomo la kachipinda, anapezeka akuseka, koyamba pa masiku ambiri. Kusekako ndiko kunamuwonetsa.

"Alamu, bwerani inuyo. Awa ndi ongowononga mpweya."

"Ine sinditha sewero."

"Palibe chotha. Mungowerenga pomwe alemba kuti MAYI."

Anakhala pampando wa pulasitiki, pepala lili m'manja. Linali lotayipa bwino, masamba atatu, m'mbali muli zolemba za mlamuyo ndi inki yofiira. Nkhani yake inali ya mwana wodwala chibayo amene akutuluka m'chipatala ndi botolo la mankhwala a madzi. Pakati pa mawu a NAMWINO ndi a MAYI panali timizere tina m'mikutiramawu, touza munthu zochita: akoke mpando, akhale pansi kuti maso alingane, asaime pamutu pa mayi. Mlamuyo anakoka sitolo, anatenga botolo lopanda kanthu la mafuta a makina kuti likhale mankhwala, n'kubwereka sirinji yapadera yomwe anawapatsa kuchipatala.

Ndiye anayamba, ndipo anathamanga ngati wotola anthu pa siteji ya basi. Moni, dzina, kufunsa zomwe adokotala anena kale. Katatu pa tsiku sikutanthauza kungomupatsa dzuwa likadalipo ayi, nthawi zake zitalikirane mofanana: akadzuka m'mawa, masana dzuwa litapendeka, ndi usiku pogona. Gwedezani botolo musanakoke. Yezani ndi sirinji, osati sipuni ya tiyi, chifukwa masipuni a m'nyumba salingana. Thirani pang'onopang'ono m'mbali mwa tsaya, osati kukhosi. Akayamba kupeza bwino musasiye, amalize masiku onse.

Make Kabwana anawerenga mbali yake ndi mawu otsika.

"Nanga akasanza?"

"Akasanza nthawi yomweyo, theka la ola lisanathe, dikirani akhazikike n'kumupatsanso. Akasanza patapita nthawi, musabwereze, dikirani nthawi yotsatira."

"Nanga ndikaiwala?"

"Mupatseni mukangokumbukira. Koma ngati nthawi inayo yayandikira, ingodikirani imeneyo. Musaphatikize awiri."

Zinali zachilendo kumva pakamwa pake pakutuluka mafunso amenewa mosavuta, ngati ndi ake, kenako n'kuyankhidwa popanda wotsokomola kumbuyo. Mayi wa papepala anali wamwayi. Wina anali atamulembera kale mantha ake, iye n'kungowatola.

"Tsopano, mayi, kuti ndidziwe ngati ndafotokoza bwino, tandiwonetsani mmene mukakokere mukafika kunyumba, ndipo mundiuze nthawi zake m'mawu anu."

Bambo a Kabwana anadzutsa mutu. "Bwanji osangofunsa kuti mwamva?"

"Chifukwa aliyense amati eya. Inuyo kuyambira muli mwana mumati eya, munamvapo chiyani? Aphunzitsi amati ukafunsa kuti mwamva, wadzifunsa wekha. Ndiye umaika vuto pa iwe, kuti mwina ndine sindinafotokoze bwino, munthu asachite manyazi."

Anafika tsamba lomaliza. "Pali china chomwe chikukudetsani nkhawa? Chabwino, ngati palibe, mubwerenso msanga mwana akamapuma movutika, akakana kuyamwa kapena kumwa, kapenanso thupi likapitirira kutentha. Zikomo, muyende bwino." Anawomba m'manja. "Ndamaliza! Nthawi yake yakwana bwinobwino."

"Mwadumpha mzere," anatero make Kabwana.

"Uti?"

Anamulozera. Pansi pa funso lija panali mawu m'mikutiramawu, ndipo mlamuyo anali atawazunguliza yekha kawiri ndi inki yofiira: Namwino akhale chete. Asadzaze mpatawo. Adikire.

Mtsikanayo anagwira kumutu. "Umenewo ndi umene unandigwetsa ulendo watha. Aphunzitsi anati, iwe, umafunsa funso n'kulitsekera chitseko wekha. Koma alamu, n'zovuta! Munthu akungokuyang'ana, iwe ukungomuyang'ana, ngati mwakumana pamaliro. Pakamwa panga pamayabwa."

"Pakamwa pako panayamba kuyabwa uli m'mimba," anatero mchimwene wake, akuvala malaya. Nthawi ya ntchito inali itayandikira, ndipo Lamulungu ankalowa msanga kukakanda ufa wa Lolemba. Anamupsompsona Kabwana, amene ankakoka galimoto yake pansi pa tebulo, n'kutulutsa njinga. "A Nesi, mukalephera musadandaule. Kwathu kukufunika wowerenga mabanzi, kumeneko kuyankhula n'kololedwa."

Atachoka, m'nyumba munatsala phee. Dzuwa linali litalowa pawindo la kumadzulo n'kugwera pashelefu, pomwe panali botolo lenileni la mankhwala a Kabwana, pamwamba poti mwana sangafikire.

"Tibwereze," anatero mlamuyo. "Ulendo uno ndiluma lilime. Mukawona ndikutsegula pakamwa, mundiponde."

Anabwereza. Ulendo uno anayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana nkhope osati pepala. Make Kabwana anakoka madzi m'kapu ndi sirinji, anatchula nthawi zitatu zija m'mawu ake, mlamuyo n'kuvomera. Kenako funso lija linafika.

"Pali china chomwe chikukudetsani nkhawa?"

Ndipo mlamuyo anatseka pakamwa.

Papepala, mayi uja amayenera kudikira pang'ono kenako n'kunena kuti apongozi ake amati mankhwala a chipatala ndi amphamvu kwambiri kwa mwana. Make Kabwana anawawona mawuwo. Anali pomwepo pansi pa chala chake. Koma sanawawerenge. Anamva galimoto ya pulasitiki ikukhwekhwereza pasimenti. Anamva mpopi wa panja ukudontha m'ndowa. Mlamu wake anali atakhala pasitolo, manja pamaondo, milomo ataifinya mpaka kuyera, maso ali pa iye. Sankathamangira kwina. Kumbuyo kunalibe mzere. Moyo wake wonse make Kabwana anali asanapatsidwepo mpata wautali choncho, woti ndi wake, wina akuusunga kuti pasalowe munthu.

"Nanga mayi akawona kuti mwana akungogona," anatero, mawu akutuluka okha, "n'kumachepetsako a m'mawa?"

Mlamuyo anasuzumira papepala lake. "Zimenezo palibe, alamu. Komanso a chibayowa sagonetsa mwa..."

Anaima. Anatsata maso a mnzakeyo mpaka pashelefu. Make Kabwana anawona zonse, monga amawonera nthawi zonse: khosi la mtsikanayo likumeza, mphuno zikutukuka, mawu akuthwa akukwera mpaka m'mano. Anadikira kuti amve zija za pabenchi. Koma mtsikanayo anatembenuza pepala n'kuliika pansi chafufumimba, n'kukankhira kapu ya madzi patsogolo.

"Tandiwonetsani."

Make Kabwana anakoka madzi. Chala chinaima pamalo pomwe chinazolowera, pakati.

"Ndi a m'mawa okha?"

"Okha. A madzulo ndimafika pamzere."

"Kuyambira liti?"

"Kutangocha atabwera mayi wa makatani uja. Sabata yatha ija isanayambe."

"Wagwako chiyambire?"

"Ayi. Koma dzana akudya anangoti duu, maso pakhoma, sipuni ili m'mwamba. Ndinamuitana kawiri. Kenako anapitiriza kudya. Sindikudziwa ngati n'zomwezo kapena amangoganiza zake."

Misozi inabwera yopanda phokoso. Anafotokoza za kugona chafufumimba, za kudzandira, za mayi wa makatani ndi mwana wa achemwali ake. Mlamuyo anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo kawiri konse anatsegula pakamwa n'kutsekanso.

"Alamu," anatero pomaliza, "timagona khoma limodzi. Ine ndikumalongolola ndi pilo usiku wonse, inu muli maso mbali inayo?"

"Ndinkaopa kuti muuza achimwene anu. Ndi amayi."

"Amayi atani, ali kutali." Anapukuta m'maso mwake ndi kuseri kwa dzanja. "Tamverani. Zomwe munawonazo munawona zowona. Mankhwala a khunyu ambiri amagonetsa, makamaka poyamba, ndipo nthawi zambiri zimachepa thupi likazolowera. Zikapanda kuchepa, adokotala ali ndi zochita: atha kumuyezanso sikelo, kusintha muyezo, kapena kusintha mankhwala. Koma kuchepetsa nokha n'koopsa, chifukwa amayenera kukhala m'magazi mokwanira usana ndi usiku. Akachepa, kugwa kuja kumapeza khomo."

"Ndiye mawa ndimupatse angati?"

Mtsikanayo anayang'ana botolo, n'kuyang'ana mwana. "Ine ndine wophunzira. Ndikakuuzani za m'mutu mwanga ndikhala ndachita zomwe mwachita inuzo. Dikirani."

Anatenga foni n'kuimbira sisitala wa ku wodi ya ana, yemwe anamuyang'anira pomwe ankaphunzira ntchito kumeneko. Anayamba ndi kupepesa kwambiri chifukwa cha Lamulungu. Make Kabwana ankangomva mbali imodzi, ndipo mafunso ankamufika kudzera mwa mlamuyo. Akagona mukamudzutsa amadzuka? Amadzuka. Akudya? Akudya. Akusanza, watuluka zidzolo, maso asintha kukhala achikasu? Ayi, ayi, ayi. Mlamuyo anawerenga zolembedwa pabotolo, anamvetsera nthawi yaitali, akungoti eya sisitala, eya sisitala, mpaka anadzigwira yekha n'kunena kuti, "Ndibwereze kuti muwone ngati ndamva," ndipo anabwereza zonse.

Atadula foni anati, "Akuti madzulo ano ndi mawa m'mawa mumupatse monga analembera pabotolo. Mawa lomwelo mupite naye, osadikira tsiku lija. Mutenge botolo, sirinji ndi buku lake, ndipo mukanene zonse, ndi za dzanazo. Akagwa usiku uno mumugoneke chammbali, osamuika kanthu m'kamwa. Zikapitirira mphindi zisanu, kapena akakanika kudzuka, tinyamuke nthawi yomweyo."

"Anakalipa?"

"Anati ndinu wachitatu mwezi uno." Anaseka pang'ono. "Koma mawa sakhalako, ali pa ofu. Sindikudziwa mukapeza ndani."

Mawu amenewo ndiwo anamulemera make Kabwana. Anadzuka, anasambitsa mwana, anamudyetsa. Nthawi ya mankhwala itakwana anatsitsa botolo, n'kukoka mpaka pamzere wa cholembera, mlamu wake akuyang'ana kumbali dala. Kabwana anameza, anakwinya nkhope, n'kupempha madzi ngati bwana amene wapatsidwa tiyi wozizira.

"Ndikuperekezani," anatero mlamuyo akutsuka mbale. "Kalasi ya m'mawa ndijomba. Ndikavala yunifolomu, ndikayankhula ndine, inu mukangokhala. Sangakukalipireni ine ndili pomwepo."

Make Kabwana anaima ndi thawulo la mwana m'manja. Zinali zokoma kumva. Anadziwona ali pabenchi, mutu pansi, mtsikana wa yunifolomu akufotokoza bwinobwino m'chinenero cha anthu a chipatala, iye n'kungovomera ndi mutu. Koma adokotala anati mankhwalawa ndi a nthawi yaitali. Mwana azikula, sikelo izikwera, mzere wa pasirinji uzisuntha. Kudzabwera masiku ena a kusanza, a malungo, a botolo lotha Loweruka. Mlamuyu adzamaliza sukulu n'kutumizidwa kutali, kapena kukwatiwa. Wotsala ndi sirinji m'mawa uliwonse adzakhala iye. Ndiponso amene anawona mwana akudzandira, amene anawona sipuni itaima m'mwamba, si mlamuyo ayi.

"Ayi, pitani kukalasi. Ndipita ndekha."

"Mukayankhula koma? Osakangoti eya?"

"N'chifukwa chake ndikufuna mukhalenso pasitolopo."

Mtsikanayo anacheuka, manja ali thovu.

"Mukhale namwino, koma osati wa papepala uja wokoka mpando. Mukhale wotopa, woti sanadye, mzere uli mpaka panja. Mundidule mawu. Mundifunse kuti mayi munaganiza chiyani. Ine ndiyeserere kunena mpaka ndimalize."

"Ameneyo ndiye ndimutha popanda pepala," anatero mlamuyo, akupukuta manja m'siketi. Anakhala pansi, anakwinya nkhope, n'kuyamba kulemba m'mwamba osayang'ana munthu. "Wotsatira! Mayi, fulumirani, si inu nokha. Tsiku lanu silinakwane, mwabweranji?"

Ulendo woyamba mawu anamuthawa make Kabwana. Wachiwiri anafika pakati n'kuyamba kupepesa, mlamuyo n'kumuuza kuti kupepesa adzachite pomaliza ngati mpata ulipo. Wachitatu ananena zonse, manja atagwira m'mphepete mwa mpando: kuti mwana amagona kwambiri akamwa a m'mawa, kuti iye anachepetsa theka kwa masiku angapo, kuti dzana anati duu, ndipo kuti sachoka asanamve chochita mwana akasanza mankhwalawa kapena iye akaiwala.

"Sachoka!" anatero mlamuyo, atasiya nkhope ya ukali ija. "Alamu, mawu amenewo musakawasiye."

Make Kabwana anatenga chikwama n'kuikamo buku la mwana, thewera ndi kabudula wosinthira. Botolo ndi sirinji anazisiya pashelefu poti zinali ndi ntchito m'mawa. Diresi ya mayi wina yomwe analonjeza kumaliza Lolemba anaipinda n'kuiika pansi pa dengu. Mwini wake adikira. Anatsimikiza kuti bambo a Kabwana akangolowetsa njinga m'mamawa, asanavule n'nsapato zomwe, adzawauza yekha zonse, kenako adzabereka mwana n'kukakwera basi yoyamba.